Tsamba limodzi limene tinamata pamwamba pa makina osindikizira

Bizinesi yathu ndi yojambula ndi kusindikiza malebulo a katundu. Tinayamba awiri, ine ndi mchemwali wanga, ndi kompyuta imodzi. Pano tilipo asanu ndi mmodzi. Ntchito yathu imatichititsa kuona katundu asanafike pamsika: dzina lake, maonekedwe a botolo, tsiku limene adzatuluke. Choncho kampani ina yaikulu itatipatsa ntchito mu 2021, chinthu choyamba chimene inatumiza chinali mgwirizano wosunga chinsinsi, uja amaulemba kuti NDA pamwamba pake. Unali wa masamba 9.

Ndinasaina pa 1 Malichi 2021. Kenako ndinazindikira kuti ndime ina inkanena kuti wantchito wanga aliyense akaulula kanthu, mlandu ndi wanga. Sindikanayembekezera kuti mnyamata woyendetsa makina awerenge masamba 9 a chilankhulo cha maloya. Ndiye ndinakhala pansi kuti ndiwalembere chidule cha tsamba limodzi choyankha mafunso atatu: chinsinsi ndi chiti, chomwe si chinsinsi ndi chiti, ndipo tidzakhala chete mpaka liti.

Pa funso loyamba ndinalemba kuti chinsinsi ndi pepala lililonse lokhala ndi chidindo cha CONFIDENTIAL. Mchemwali wanga ataliwerenga anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga zija anatiuza pakamwa pamsonkhano uja, za mtundu watsopano wa sopo, zili ndi chidindo?" Ndinabwerera ku ndime yachiwiri ya mgwirizano uja. Migwirizano imeneyi imasiyana kwambiri pamenepa. Ina imateteza zokhazo zimene zadindidwa, ndipo zoyankhulidwa pakamwa mwini wake amayenera kuzitsimikiza polemba pasanathe masiku ena ake, kawirikawiri 30. Ina imateteza chilichonse chimene munthu woganiza bwino angaone kuti ndi chachinsinsi, chidindo chilipo kapena palibe. Wathu unali wa mtundu wachiwiriwu. Unkaphatikizanso zimene ifeyo tapanga kuchokera pa zimene atipatsa, kutanthauza zojambula zathu zoyeserera ndi manotsi athu. Ngakhale kungonena kuti tikugwira ntchito ndi kampaniyo kunali koletsedwa. Chiganizo changa chija chikanawasocheretsa anzanga onse. Ndinachifufuta n'kulemba kuti: chilichonse chochokera kwa kasitomala ameneyu, cholembedwa, chonenedwa kapena chimene mwaona ndi maso, pamodzi ndi zimene tajambula pochigwiritsa ntchito, muchitenge ngati chinsinsi.

Zomwe si chinsinsi zinali zinayi, ndipo zimapezeka pafupifupi mu mgwirizano uliwonse wotere: zimene anthu onse akuzidziwa kale, zimene tinkazidziwa asanatiuze, zimene tamva kwa munthu wina amene ali ndi ufulu wotiuza, ndi zimene tapanga patokha osagwiritsa ntchito zawo. Kuzilemba pamndandanda n'kosavuta. Vuto ndi lakuti pofupikitsa, munthu amadula timawu tating'ono timene tanyamula ndime yonse. Nkhani imasiya kukhala chinsinsi ikadziwika kwa anthu onse, koma osati chifukwa cha kulakwa kwathu. Tikaiulula ifeyo, sitinganene pambuyo pake kuti aliyense akuidziwa kale. Ndipo pa zimene tinkazidziwa kale, mgwirizanowo unkati titsimikize ndi zolembedwa za nthawi imeneyo. Kungonena kuti "tinaliganiza kale" sikokwanira. Kuyambira pamenepo timasunga mafayilo athu akale ndi madeti ake, ndipo ntchito ya kasitomala aliyense ili m'foda yakeyake.

Panalinso ndime ya khoti, imene poyamba ndinaiika ngati chachisanu pamndandanda uja. Loya amene ndinamuonetsa chidulecho anaichotsapo. Anandifotokozera kuti lamulo kapena khoti likatikakamiza kuulula, nkhaniyo imakhalabe chinsinsi. Timangololedwa kupereka gawo lokhalo limene lafunsidwa, ndipo tiyenera kudziwitsa mwini wake mwamsanga ngati lamulo likulola, kuti apeze mpata wodziteteza. Ndinaipatsa mzere wakewake wakuti: kalata yotere ikabwera, musayankhe, ibweretseni kwa ine.

Pomwe ndinalakwitsa kwambiri ndi pa nthawi. Ndime yachisanu ndi chitatu inkati mgwirizano ndi wa zaka 2, ine n'kulemba kuti tidzakhala chete mpaka kumapeto kwa Febuluwale 2023. Koma zaka 2 zimenezo zinali nthawi yopatsirana nkhani, kutanthauza kuti chilichonse chimene atiuza m'kati mwa nthawiyo chimatetezedwa. Ndime yotsatira, yaifupi kwambiri, inkati udindo wosunga chinsinsi upitirira kwa zaka 3 mgwirizano ukatha. Ndiye kuti tsiku lenileni linali kumapeto kwa Febuluwale 2026. Fayilo imene tinalandira mu Epulo 2021 inayenera kusungidwa mwachinsinsi pafupifupi zaka 5. Migwirizano ina imawerenga zakazo kuyambira tsiku limene nkhani iliyonse yaperekedwa, moti fayilo iliyonse imakhala ndi tsiku lake lomasuka. Kulemba nambala ya zaka yokha osanena poyambira kuwerenga n'kusanena kanthu. Ndiponso zinsinsi za kapangidwe ka katundu, monga kasakanizidwe ka sopo, zinalibe tsiku lotha. Tiyenera kuzisunga nthawi yonse imene zikadali zobisika.

Chidule chokonzedwacho chinagwira ntchito yake mu Julayi 2023. Sopo uja anali atatuluka kale, ndipo wojambula wathu wamng'ono ankafuna kuika ntchitoyo patsamba lathu losonyeza zimene tapanga. Anali atasonkhanitsa zithunzi zisanu: lebulo imene ili m'masitolo, ndi zojambula zinayi zimene kasitomala anakana. Asanaziike anayang'ana chidule chija n'kubwera kudzandifunsa kuti, "Bwana, zaka 2 zija zatha, koma apa mwalemba 2026. Nanga lebulo yomwe aliyense akuiona m'sitolo?"

Tinaunika chithunzi chilichonse pachokha. Maonekedwe a lebulo yomaliza sanalinso chinsinsi, chifukwa mwini wake ndi amene anaitulutsa kwa anthu. Zojambula zinayi zokanidwazo zinali zisanatulukepo, ndipo chimodzi chinali ndi dzina la katundu wina amene ankayembekezeka kubwera pambuyo pake. Zimenezo zinali chinsinsibe. Komanso zinatikumbutsa ndime yakuti mgwirizano ukatha, tibweze kapena tifufute zonse pasanathe masiku 30 akatipempha. Pempholo linali lisanabwere, koma mzere umenewo munalibe m'chidule changa, ndipo ndinauwonjezera tsiku lomwelo. Ngakhale lebulo yomalizayo sitinaiike nthawi yomweyo, popeza kunena kuti ndife amene tinaijambula kukanaulula kuti tinkagwira nawo ntchito. Ndinalemba imelo yopempha chilolezo. Anayankha patatha mlungu umodzi, kulola chithunzi chimodzi chokhacho.

Masiku ano kasitomala aliyense wobwera ndi mgwirizano wotere amakhala ndi tsamba lake. Pafupi ndi chiganizo chilichonse ndimalemba nambala ya ndime imene chachokera, kuti wokayika akaone mawu enieni, chifukwa pakabuka mkangano, chimene chidzawerengedwe ndi mgwirizano umene ndinasaina. Madeti ndimalemba awiri, lotha mgwirizano ndi lotha udindo, ndipo lachiwirilo ndimalilemba ndi zilembo zazikulu.