Mapaipi a m'bafa yathu ku Chitakale: kopa, pulasitiki ndi fulekisi

Bafa ya nyumba yathu ku Chitakale, ku Mulanje, inali ndi mapaipi akale achitsulo omwe anadzaza dzimbiri m'kati, moti madzi a m'shawa ankangodontha. Popeza tinkagumula matailosi, tinaganiza zosinthiratu mapaipi onse. Funso lomwe ndinkafunsa pa paipi iliyonse linali limodzi: ikadzatha, dzanja lidzaifikira kapena tidzagumulanso khoma?

Pulambala anayamba ndi kuyeza mtunda wochokera pa giza yotenthetsera madzi, yomwe ili kudenga, kukafika pa shawa, pa sinki ndi pa thanki ya chimbudzi. Kenaka anawerenga malo onse okhota ndi ogawira madzi. Iye anati, "Bambo, musafunse mtengo wa paipi yokha. Ndalama zimathera m'zolumikizira." Ku Limbe ndinafunsa mitengo ndi mndandanda wonsewo m'manja. Kopa anali wodula kangapo kuposa paipi yobiriwira yapulasitiki yolembedwa PPR, ndipo zolumikizira zake nazonso zinali zokwera. Ku PPR, zodula ndi zokhazo zokhala ndi mazinga achitsulo, zomangirapo mpope kapena shawa.

Chimodzi chomwe chimasokoneza ndi kukula. Paipi ya PPR ya mamilimita 20 ndi yokhuthala, choncho bowo lake ndi pafupifupi mamilimita 13, lofanana ndi la kopa wa mamilimita 15. Tinatenga ya 25 yotsitsa madzi kuchokera kudenga, ndi ya 20 yogawira ku mipope. Ya madzi otentha iyenera kukhala yolembedwa PN20. Ya PN10 ndi yopyapyala, ya madzi ozizira okha.

M'khoma monse tinaika PPR, makamaka chifukwa cha kalumikizidwe kake. Palibe guluu. Makina ake amatenthetsa nsonga ya paipi ndi m'kati mwa cholumikizira pa madigiri 260, kwa masekondi pafupifupi 5 ngati paipi ndi ya 20, kapena 7 ngati ndi ya 25. Akatero amalowetsa molunjika, osapotoza, mpaka pa mzere omwe analemberatu, mamilimita ngati 14 kuchokera kunsonga. Zikazizira, ziwirizo zasanduka chinthu chimodzi. Vuto limabwera munthu akatenthetsa mopitirira kapena kukankha kwambiri: pulasitiki yosungunuka imaunjikana m'kati n'kuchepetsa bowo. Kunja kumaoneka bwinobwino, koma shawa imatuluka mofooka, ndipo pofika pamenepo matailosi mwaika kale. Ine ndinapempha kuti ayambe walumikiza tizidutswa tiwiri, tidule pakati, tione m'kati. Bowo linali lotseguka, ndiye ntchito inayamba. Makinawo amafuna magetsi, ndiye tsiku lomwe athima ntchito imaima.

Kopa sitinamusiyiretu. Mita yoyamba kuchokera pa giza ndi ya kopa, chifukwa chozimitsa giza chikafa madzi amatentha mopitirira zomwe pulasitiki ingapirire. Kudengako tinagwiritsa ntchito zolumikizira zomanga ndi sipanala, zomwe zili ndi kamphete kofinya paipi. Zimenezi si zokwirira m'khoma. Kopa wa m'khoma amafuna kuwotcherera, komanso kumukulunga kuti simenti isamukhudze. Kopa amatha kupitirira zaka 50, koma madzi ochokera m'mapiri ngati athuwa amakhala opanda mchere wambiri, ndipo madzi otere akakhala ndi kaasidi amadya kopa pang'onopang'ono. Chizindikiro chake ndi madontho obiriwira pa sinki. Nayo PPR opanga amaiwerengera zaka 50 pa madzi ozizira, zocheperapo pa otentha, bola isakhale padzuwa, lomwe limaiumitsa mpaka kusweka.

Fulekisi, paipi yaifupi yofewa, ndiyo yotsika mtengo pa zonse, komanso ndiyo yosakhalitsa. Kunja ndi waya woluka wonyezimira, koma m'kati ndi labala chabe, ndipo ambiri amalangiza kusintha pakapita zaka 5 mpaka 10. Tinaika pansi pa sinki ndi pa thanki ya chimbudzi pokha, iliyonse ndi kavalavu kake pakhoma kotsekera madzi. Pomanga safuna tepi yoyera yokulunga pa mazinga, chifukwa chotseka madzi ndi kalabala ka m'nati. Mumange ndi dzanja, n'kuwonjezera pang'ono ndi sipanala. Mukalimbitsa kwambiri kalabalako kamang'ambika. Isakhale yokokeka kapena yopindika. Mukaona dzimbiri pa waya, kapena timawaya tatuluka, sinthani tsiku lomwelo. Mankhwala otsukira chimbudzi osungidwa pansi pa sinki amafulumizitsa dzimbirilo.

Tisanamate khoma, tinatseka nsonga zonse, n'kutsegula madzi usiku wonse, nthawi imene amabwera mwamphamvu chifukwa anthu sakutunga. M'mawa tinapukuta cholumikizira chilichonse ndi pepala louma, komanso kuona ngati manambala a pa mita asuntha. Sanasunthe. Ndinajambula khomalo ndi foni, tepi yoyezera ili pambali, kuti wodzaboola poika galasi adzadziwe pomwe padutsa paipi, kenaka womanga anayamba kupaka simenti.