Matimu 11, bwalo limodzi: zomwe ndaphunzira pokonza mpikisano wa chipulula

Pa zonse zokhudza kukonza mpikisano wa mpira wa tsiku limodzi, phunziro lomwe ndaona kuti ndi lofunika kuligwira msanga ndi la chiwerengero cha matimu. Chipulula chimayenda bwino matimu akakhala 4, 8, 16 kapena 32, chifukwa ndime iliyonse imachotsa theka. Koma olembetsa sabwera moyeza. Tiyerekeze kuti alembetsa matimu 11.

Ambiri amangowaphatikiza awiriawiri. Pamaseweredwa masewero 5, timu imodzi n'kudikira, ndiye pamatsala matimu 6. Ndime yotsatira pamatsala 3. Apa ndiye pamabuka mkangano, chifukwa timu imodzi imalowa ndime yomaliza osatuluka thukuta pomwe anzawo akulimbana. Kudutsa osasewera kuyenera kuthera m'ndime yoyamba, kusafike kutsogolo.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tengani nambala yoyandikira pamwamba pa 11 mwa zija, yomwe ndi 16, muchotsepo 11. Yankho ndi 5, kutanthauza kuti matimu 5 adutsa ndime yoyamba osasewera. Otsalawo, 6, asewera masewero 3. Opambana atatu kuphatikiza asanu aja akwana 8, ndipo kuchokera apo zonse ziyenda zokha. Masewero onse akhala 10, poti m'chipulula sewero lililonse limatulutsa timu imodzi mpaka itatsala imodzi. Mukanati aliyense akumane ndi aliyense, akanakhala masewero 55, zomwe sizingatheke tsiku limodzi.

Nanga odutsawo ndi ati? Ngati pali zotsatira za mpikisano wapita, sanjani matimu kuyambira 1 mpaka 11 potengera zimenezo, ndipo odutsa akhala 1 mpaka 5. Ngati palibe, chitani maere atsogoleri a matimu onse akuona, osati wokonza ali yekha kunyumba. Papepala lalikulu, gawani ndandanda pawiri. Kumtunda, nambala 1 adikira wopambana pakati pa 8 ndi 9, pomwe 4 akumana ndi 5. Kumunsi, 2 adikira wopambana pakati pa 7 ndi 10, ndipo 3 adikira wopambana pakati pa 6 ndi 11. Kusanja chonchi kumathandiza kuti 1 ndi 2 asakumane mpaka pamapeto.

Nthawi ndiye imapusitsa anthu kwambiri. Sewero la zigawo ziwiri za mphindi 15 silitenga mphindi 30 ayi. Onjezerani mphindi 5 zopumira pakati, ndi zina 10 za mapenate komanso kusinthana kwa matimu pabwalo. Zikukwana mphindi 45, choncho masewero 10 adya maola 7 ndi theka.

Kenako pabwera funso la yemwe ayambe, ndipo chilungamo chenicheni chili apa. Masewero atatu oyamba, 8 ndi 9, 7 ndi 10, kenako 6 ndi 11, akatha, musathamangire kuika timu yomwe yangotuluka kumene. Sewero lachinayi likhale la 4 ndi 5, poti onsewa sanasewere. Pambuyo pake opambana aja abwere motsata mmene anasewerera: woyamba akumane ndi 1, wachiwiri ndi 2, wachitatu ndi 3. Mwakutero aliyense wa iwo apuma masewero atatu, maola awiri ndi mphindi 15, mofanana.

Pa matimu anayi otsala, ayambe akumtunda chifukwa ndi omwe anamaliza msanga. Vuto limatsala pa sewero lomaliza: wopambana wakumtunda wapuma mphindi 45, wakumunsi sanapume n'komwe. Ena amatseka mpatawu ndi sewero lolimbirana nambala yachitatu, koma ine sindikugwirizana nazo, chifukwa wogonja wakumunsi ndiye alowanso m'bwalo ali wefuwefu. Ndi bwino kusiya mphindi 45 popanda sewero. Kusiyana sikutheratu, komabe palibe wolowa miyendo ikunjenjemera. Mukayamba 8 koloko m'mawa, mumaliza cha m'ma 4:15 madzulo, kukadali kowala.

Malamulo akhale ochepa, olembedwa patsamba limodzi, ndipo awerengedwe maere asanachitike. Matimu akafanana mphamvu, apite ku mapenate atatuatatu nthawi yomweyo, popanda nthawi yowonjezera, chifukwa imeneyo imasokoneza ndondomeko yonse. Timu ikachedwa ndi mphindi 10, yagonja. Mayina a osewera aperekedwe sewero loyamba lisanayambe, ndipo wosewera mmodzi akhale wa timu imodzi basi. Lamulo limeneli likasowa, timu yotuluka m'mawa imabwereketsa akatswiri ake, n'kuwaonanso masana atavala malaya ena. Woyimbira asakhale wa timu yomwe ili mbali imodzi ya ndandanda ndi omwe akusewerawo, poti zotsatira zake zikumukhudza.

Timu ikadzipatula maere atachitika kale, musajambulenso ndandanda. Amene amayenera kukumana nayo angodutsa, koma nthawi za masewero ena zisasunthidwe, chifukwa matimu ena anauzidwa kale ola lofikira.