Amayi 352 a m'kope anasanduka 186 mu lipoti

Lipoti la kota yoyamba ya 2024 ndinaliyamba ndili ndi zinthu zitatu pa tebulo: kope la amayi amene amayendera magulu athu ku Kanyama mu Lusaka, mapepala osainapo anthu obwera ku maphunziro, ndi fomu ya Chingelezi yochokera kwa opereka thandizo. Bungwe lathu ndi laling'ono. Limaphunzitsa magulu a amayi osunga ndalama pamodzi kalembedwe ka mabuku awo, ndipo amene amatiyendera magulu amalemba zonse m'Chinyanja, monga amayankhulira ndi anthuwo. Ntchito yanga ndi kusandutsa kopelo kukhala lipoti.

Sindinayambe ndi kumasulira. Ndinayamba ndi kutsegula pepala la mgwirizano n'kuwerenganso tanthauzo la indiketa, muyeso woonera ngati ntchito yafika pamene tinalonjeza, chifukwa indiketa iliyonse ili ndi malire ake olembedwa. Yathu imati: chiwerengero cha amayi amene amaliza maphunziro, ndipo womaliza ndi amene wapezeka pa maphunziro anayi mwa asanu. Tinalonjeza amayi 300 pofika pa 31 Malichi, magulu khumi a anthu 30.

Pa tsamba lomaliza la kope panali mawu akuti, "Tafikira amayi 352, ntchito yayenda." Mtima unakhala pansi, poti 352 yaposa 300. Koma kufikira munthu si kumumalizitsa, ndipo pamenepa ndi pamene malipoti ambiri amagwera m'dzenje. Ndinalowetsa maina onse a m'mapepala osainira mu Excel, mzere umodzi munthu mmodzi, ndi malo asanu ochonga masiku amene anabwera. Maina ena anatuluka kawiri. Mayi yemweyo sabata ino walemba dzina la bambo ake, sabata yamawa la mwamuna wake, kapena wasamukira gulu la pafupi ndi kwawo. Nambala ya chiphaso cha NRC ndi imene inandithandiza kuwazindikira. Nditachotsa obwereza 34, anatsala anthu 318. Mwa awa, ofika kanayi kapena kasanu anali 186.

Kusiyana ndi pulani kumawerengedwa pochotsa cholonjezedwa pa chimene chachitika, n'kugawa ndi cholonjezedwacho:

```
=(C4-B4)/B4
```

B4 inali 300, C4 inali 186, yankho linatuluka -38%. Mgwirizano wathu umati kusiyana kulikonse kopitirira 10 peresenti, kukwera kapena kutsika, kufotokozedwe. Panalibe pothawira.

Chifukwa chachikulu aliyense mu Lusaka akuchidziwa. Kolera inavuta kwambiri nthawi imeneyo, mpaka odwala ankagonekedwa ku National Heroes Stadium, ndipo boma linasuntha tsiku lotsegulira sukulu kuchoka pa 8 Januwale mpaka pa 12 Febuluwale. Ife timabwereka makalasi a sukulu Loweruka, choncho sukulu zili zotseka tinalibe pokumanira, komanso kusonkhanitsa anthu ku Kanyama masiku amenewo kukanakhala kuika miyoyo pachiswe. Ndikanatha kulemba chiganizo chimodzi, kuti tinalephera chifukwa cha kolera, n'kutseka nkhani. Sindinafune kutero. Wowerenga lipoti ali kutali, sadziwa Kanyama, ndipo funso lake ndi loti mwa anthu 114 operewerawo, kolera ikuyankhira angati, nanga enawo ali kuti.

Ndiye ndinagawa 114 ija. Magulu asanu ndi awiri anayamba pa 17 Febuluwale n'kumaliza maphunziro onse asanu pa 16 Malichi. Magulu atatu otsala anayamba pa 9 Malichi, ndipo poti Loweruka la pa 30 linagwera mu Isitala, mwezi unatha atakumana katatu kokha. M'magulu atatuwa munalibe ndi mmodzi yemwe amene akanakwanitsa kanayi, ngakhale atakhala wakhama chotani. Pamenepo pali anthu 90 a mu pulani, ndipo amenewa sanatayike, angochedwa. Otsala 24 akuchokera m'magulu asanu ndi awiri aja, amene amayenera kupereka 210 koma anapereka 186. Analembetsa anali 224, kutanthauza kuti amayi 38 anayamba koma sanafike kanayi.

Za amayi 38 amenewa kope linangoti "anathawa." Apa ndi pamene ndinakhalitsa. Pakamwa pathu liwuli ndi lopepuka, timanena ngakhale kwa munthu amene wangosowa masabata awiri. Ukaliika m'Chingelezi momwe lilili, limamveka ngati anthuwo anaikana pulojekiti, ndipo wopereka thandizo amayamba kukayikira ngati maphunzirowo ali ndi phindu. Ndinaimbira foni amayi olemba kopelo.

"Amayi, awa mwalemba kuti anathawa, anapita kuti?"

"Iyayi mwana wanga, kuthawa kwake si kumeneko. Ena anali ndi matenda ndi maliro pakhomo. Ena Loweruka ndiye tsiku lawo lokapikula ku msika wa Soweto, sangasiye malonda n'kudzakhala m'kalasi."

"Mungandiuzeko mmodzimmodzi?"

Anatenga masiku awiri akufunsa atsogoleri a magulu, n'kubwera ndi yankho: 21 anasowa chifukwa cha matenda kapena maliro, 17 chifukwa cha msika. Nambala yachiwiriyi inandikhudza, chifukwa si ya kolera. Ndi yathu. Tinasankha Loweruka poganizira za makalasi, osafunsa amayi ogulitsa. Anzanga ena mu ofesi ankafuna kuti onse 38 tiwaike pansi pa mliri, poti ndi chifukwa chimene palibe angatsutse. Ndinakana. Tikanatero, kota yotsatira kolera itatha vuto la Loweruka likanaonekeranso, ife tilibe chonena.

Mawu ena a m'kope anafunanso kusamala komweko. "Zinayenda bwino pang'ono" ndi ulemu wa munthu amene sakufuna kunena kuti zinavuta, ndiye ndinkafunsa kuti chinavuta n'chiyani. "Sabata yatha" ndinkaisandutsa deti poyang'ana tsiku la pamwamba pa tsamba. "Anthu anabwera ambiri" sindinkailowetsa n'komwe popanda nambala ya pa pepala losainira.

Bokosi lofotokozera kusiyana pa fomu ndi laling'ono, choncho ndinalemba ziganizo zinayi zokha, zopanda zokometsera. Choyamba chinanena cholonjezedwa, chochitika ndi peresenti: 186 mwa 300, kuperewera ndi 38 peresenti. Chachiwiri chinati 90 mwa 114 akuchokera m'magulu atatu amene anayamba mochedwa chifukwa cha kutsekedwa kwa sukulu, ndipo amayi 94 olembetsa m'magulumo amaliza mu Epulo. Chachitatu chinafotokoza za amayi 38 aja ndi zifukwa zawo ziwiri. Chomaliza chinanena chimene tichite: maphunziro obwereza Lamlungu masana kwa amene anaphonya, ndi kufunsa gulu lililonse latsopano tsiku lowayenera tisanapange ndandanda. Nambala ya 318 sindinaitaye. Ndinaiika m'ndime yofotokoza ntchito, ndi dzina lake lenileni, olembetsa, kutali ndi bokosi la indiketa.

Ndisanatumize ndinakhala ndi wosunga ndalama wathu kuti malipoti athu awiri agwirizane. Ndalama za maphunziro zinatsala zambiri, ndipo chifukwa chake chinayenera kukhala chomwecho: tinakonza misonkhano 50, inachitika 44, isanu ndi umodzi yasunthira mu Epulo pamodzi ndi ndalama zake. Lipoti la ntchito likanena kuti mwachedwa koma la ndalama likuonetsa kuti zonse zadyedwa, mafunso amabwera tsiku lomwelo.

Pomaliza ndinawerengera amayi oyendera magulu aja ziganizo zinayizo pa foni, ndikuzibwezera m'Chinyanja. Anandiimitsa pa chimodzi. Lamlungu masana, anatero, gulu limodzi limakhala ndi msonkhano wa chigwirizano ku tchalitchi, la amenewo likhale Lachitatu. Ndinakonza mzerewo, n'kutumiza.