Andipatse zonse kamodzi kapena penshoni ya chaka ndi chaka? Mmene ndinawerengera

Kalata inabwera patatsala miyezi itatu kuti ndipume pantchito, ndili ndi zaka 60. Inali ndi mabokosi awiri oti ndichonge limodzi. Loyamba, andipatse 12 miliyoni kamodzin'kamodzi nkhani ithere pompo. Lachiwiri, azindipatsa 1 miliyoni chaka chilichonse mpaka tsiku lomwe ndidzamwalire. Ndipo pansi analemba kuti ukasaina wasaina, palibe zobwerera. Mawu amenewo ndi omwe anandisowetsa tulo, chifukwa ndalama imeneyi ndi ya zaka zonse zomwe ndagwira ntchito ndipo ina siidzabweranso.

Choyamba chomwe ndinapanga ndi chomwe aliyense amapanga, kugawa basi. 12 miliyoni kugawa ndi 1 miliyoni ndi zaka 12, nde ndinati ndikangodutsa zaka 72 ndili moyo ndiye kuti penshoni yapambana, ndipo ndikafika 80 ndalandira 20 miliyoni, kuposa 12 ija kutalitali. Ndinali nditatsala pang'ono kuchonga. Mwana wanga wamkazi amene amagwira za maakaunti ndi amene anandigwira dzanja. Anati, "Bambo, mukuphatikiza ndalama za zaka zosiyana ngati ndi zofanana. Miliyoni yomwe mudzalandire muli ndi zaka 80 si yofanana ndi miliyoni yomwe ili m'manja mwanu lero."

Poyamba ndinkaona ngati akunena za kukwera mitengo kwa zinthu, koma ayi, ankanena za chiwongoladzanja. Ndalama yomwe uli nayo lero utha kuiika penapake n'kumabereka. Nde funso lenileni n'lakuti, kodi ndiike zingati lero kuti chaka chamawa zikwane 1 miliyoni? Ngati pomwe ndaikapo pakubereka 5 peresenti pachaka, ndikufunika 952,381 basi, chiwongoladzanja chidzadzaza kotsalako. Kuti ndidzakhale ndi miliyoni pakatha zaka 10 ndikufunika kuika 613,913 lero. Ya pakatha zaka 20 ndikufunika 376,889 yokha. Umenewo ndiye mtengo wake wa lero wa ndalama ya mtsogolo, ndipo mukuona mmene ukuchepera ndalamayo ikamatalikira. Kawerengedwe kake n'kugawa ndalamayo ndi 1.05 kamodzi pa chaka chilichonse chomwe ukudikira.

Ukachita zimenezi pa malipiro onse a zaka 20 n'kuphatikiza, ndiye wapeza mtengo wa lero wa penshoni yonse, ndipo nambala imeneyoyo ndi yomwe ungaiike pambali pa 12 miliyoni ija n'kufananiza. Ife sitinachite kuwerenga chaka chimodzichimodzi, mwana uja anatsegula sipuredishiti pa laputopu n'kulemba izi:

```
=PV(0.05,20,-1000000)
```

Inatulutsa 12,462,210. Osati 20 miliyoni ija ndinkaiwerenga m'mutu. Kusiyana kwa mbali ziwirizi kunangotsala 462,000 ndi kakuti, zomwe pa ndalama yoti udye zaka 20 ndi zochepa kwambiri.

Ine ndi munthu woti sindikhulupirira nambala ndisanaione ikuyenda, nde ndinatenga pepala n'kuyesa njira ina. Ndinati tiyerekeze ndatenga 12 miliyoni ija, ndaiika pa 5 peresenti, ndipo ndikudzilipira ndekha 1 miliyoni pakutha pa chaka. Chaka choyamba ibereka 600,000, ndichotsa miliyoni, itsala 11,600,000. Chachiwiri ibereka 580,000, ndichotsa miliyoni, itsala 11,180,000. Imatsika pang'onopang'ono koyambaku, kenako imayamba kuthamanga chifukwa chiwongoladzanja chikuchepa limodzi ndi thumba, ndipo imathera m'chaka cha 19. Fomula yake yopezera zimenezi mwachangu ndi iyi, ndipo imatulutsa 18.78:

```
=NPER(0.05,-1000000,12000000)
```

Ndiye malire enieni sanali pa zaka 72 ayi, anali pafupifupi pa 79. Ndikamwalira ndisanafike pamenepo, ya kamodzi ija inali yabwino ndipo ana apeza kotsala. Ndikapitirira, thumba latha ndidakali moyo pomwe penshoni ikanapitirizabe kubwera.

Pomwe ndinavutika kwambiri, ndipo ndikuona kuti ndi pomwe anthu ambiri amapusitsidwira, ndi pa 5 peresentiyo. Anachokera kuti? Yankho lonse lagona pa nambala imeneyi. Ukaika 3 peresenti pa zaka 20 zomwezo penshoni imakwera kufika 14.9 miliyoni. Ukaika 8 peresenti imagwa kufika 9.8 miliyoni, ndipo pa 8 peresentipo ngakhale utakhala zaka 40 ukulandira, mpaka zaka 100, mtengo wake wa lero umangofika 11.9 miliyoni, osakwanabe 12. Nde munthu akafuna kukukopa kuti utenge ya kamodzi sakufunika kunama, angosankha peresenti yokwera basi, masamu onse amuvomera. Zinandichitikira, munthu wina wogulitsa mapulani oikamo ndalama anabwera ndi pepala lokongola lowerengedwa pa 8 peresenti, n'kunena kuti masheya amabereka chonchi kapena kuposa. Mwina amaberekadi zaka zina, sindikutsutsa. Koma masheya amathanso kugwa, ndipo akagwa zaka zoyambirira iwe ukuchotsamo miliyoni chaka chilichonse, umakhala ukugulitsa zinthu zotsika mtengo kuti udye, ndipo thumbalo silibwereranso pomwe linali ngakhale msika utadzuka. Penshoni ndi lonjezo la ndalama yodziwika. Ukamaifananiza uyenera kugwiritsa ntchito chiwongoladzanja cha malo otetezeka mofanana nayo, monga mabondi aboma a nthawi yaitali, utachotsapo msonkho ndi ndalama zomwe amakudula oyendetsa thumba. Kwa ine zitachotsedwa zonsezo zinabwera cha m'ma 5, inu zanu zitha kukhala zina, muone zomwe mungapezedi osati zomwe mukulakalaka.

Chinandithandiza china n'kutembenuza funso lija. M'malo mosankha peresenti, ndinafunsa kuti 12 miliyoni ikufunika izibereka zingati kuti indilipire miliyoni kwa zaka 20?

```
=RATE(20,-1000000,12000000)
```

Yankho ndi pafupifupi 5.45 peresenti, chaka ndi chaka osaphonya, zodula zonse zitachoka kale. Funso limeneli ndi losavuta kuliyankha moona mtima. Kodi ineyo ndingakwanitse zimenezo popanda kuika ndalama pa ngozi, ndili ndi zaka 60, ndiye 75, ndiye 80 maso ndi mutu zitayamba kutopa? Ndinaona kuti ndili m'malire.

Kenako zaka. Palibe amene amadziwa tsiku lake, nde sitinasankhe nambala imodzi, tinayesa zingapo pa 5 peresenti yomweyo. Zaka 15 zinapereka 10.4 miliyoni, zaka 20 ndi 12.5 ija, zaka 25 ndi 14.1, zaka 30 ndi 15.4. Apa cholakwika chomwe anthu amachita n'kutenga zaka zomwe amati munthu wa m'dziko lawo amakhala ndi moyo, nambala ija amaiwerenga kuyambira pobadwa ndipo imatsitsidwa ndi omwe amamwalira ali aang'ono. Munthu amene wafika kale 60 amayembekezeka kupitirira pamenepo. Ine ndinayang'ana thanzi langa ndi la makolo anga, onse awiri anadutsa 80, ndipo ndilibe matenda aakulu. Ndikanakhala kuti dokotala anandiuza zina, nkhani ikanakhala ina ndithu, ndipo sindikanachita manyazi kutenga ya kamodzi.

Mpaka apa zinali pafupifupi ndendende. Chomwe chinasintha zonse ndi tsamba lachitatu la kalata ija, lomwe ndinali ndisanaliwerenge bwino. Linati penshoniyo izikwezedwa ndi 3 peresenti chaka chilichonse. Ife masamu onse aja tinapanga ngati ndi miliyoni yosasuntha. Penshoni ikamakwera ndi 3 pomwe iwe ukutsitsa ndi 5, zomwe zikutsitsadi ndi pafupifupi 2 peresenti yokha, ndipo mtengo wa lero wa zaka 20 unadumpha kufika pafupifupi 16 miliyoni. Kusiyana kwa 4 miliyoni kunabisala mu chiganizo chimodzi. Ndipo mbali inayo ndi yoona chimodzimodzi, penshoni yosakwera imadyeka, mitengo ikamakwera 3 peresenti pachaka miliyoni ya chaka cha 20 imagula zomwe 554,000 ikugula lero, ndipo komwe mitengo imathamanga kuposa apo imasanduka yosathandiza msanga kwambiri. Chonde musasaine musanadziwe ngati yanu imakwera kapena ayi, ndipo ngati imakwera, ndi lonjezo lolembedwa kapena ndi zoti "thumba likachita bwino".

Ndinapita ku ofesi yoyendetsa penshoni ndi mafunso atatu olemba papepala. Ndinafunsa ngati 3 peresentiyo ndi yotsimikizika, anati inde n'kundionetsa pomwe zalembedwa m'malamulo a thumbalo. Ndinafunsa ndikamwalira ine mkazi wanga apeza chani, anati azilandira theka mpaka nayenso adzamwalire, zomwe zikuwonjezeranso mtengo wa penshoni chifukwa iye ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka 5. Lachitatu linali lovuta kufunsa koma ndinafunsa, thumbali litagwa kapena kampani itatsekedwa zingatithere bwanji? Chifukwa 16 miliyoni ija ndi yoona pokhapokha wolonjezayo akakhalapo zaka zonsezo, pomwe 12 miliyoni ikalowa mu akaunti yako yalowa. Anandipatsa lipoti loonetsa chuma cha thumba poyerekeza ndi zomwe likuyenera kulipira, mwana wanga analiwerenga n'kunena kuti chuma chikukwanira ndipo ndalamazo zimasungidwa padera, sizili m'manja mwa kampani. Msonkho tinawerengera mbali zonse ziwiri kuti tifananize zofika m'manja zokhazokha, sizinasinthe mbali yomwe inali patsogolo.

Usiku womaliza ndinakhala pansi ndi mkazi wanga n'kumuonetsa manambala awiri aja, 12 ndi 16. Iye anandifunsa zomwe sipuredishiti sinafunse, anati, "Nanga abale akadzamva kuti mwalandira 12 miliyoni, mudzakwanitsa kuwakaniza?" Ndinadziwa kuti sindingathe, ndipo masamu onse aja a zaka 19 amayenda pokhapokha ngati suchotsamo kanthu koposa miliyoni pachaka. Chomwe ndinaluza ndikuchidziwa, tikapita tonse awiri msanga ana sapeza kanthu pa ndalama imeneyi, ndipo ndinawauza onse poyera ndisanasaine. Tinali ndi kandalama kena kapadera ka mavuto adzidzidzi ndipo ngongole tinalibe, zikanakhala kuti ndili ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera ndikanaganiza kawiri. M'mawa mwake ndinachonga bokosi lachiwiri, mkazi wanga anasainanso pamalo pake, ndipo fomu ndinakaipereka patatsala masiku 9 kuti nthawi ithe.