Mndandanda ukapotoka, yang'anani mawu amene auyambitsa

Teremu ino, pa maphunziro anga a zauphunzitsi, ndakhala ndikuchonga zimangirizo za ophunzira a Fomu 3, ndipo pali vuto limodzi limene landitengera nthawi kuposa ena onse. Wophunzira amakhala kuti mfundo ali nazo, malembo walemba bwino, mpatuliro waika pamalo pake, koma chiganizo chake ukachiwerenga mokweza lilime limapunthwa pakati. Poyamba ndinkangomva ndi khutu kuti chinachake sichili bwino. Tsopano ndikutha kuloza malo enieni. Wophunzirayo amakhala wandandalika zinthu zitatu kapena zinayi zogwira ntchito imodzi m'chiganizo, koma chilichonse wachipatsa kapangidwe kakekake: china dzina, china mneni, china chiganizo chathunthu.

Nachi chiganizo cha mtundu umene ndikunena, cha m'chimangirizo cha kutha kwa mitengo:

"Mitengo ikutha chifukwa cha kuotcha makala, anthu akuchulukana, umphawi komanso kuti boma silikhwimitsa malamulo."

Mfundo zonse zinayi n'zomveka, ndipo mwana amene waziganiza waiona nkhaniyo bwino. Chimene ndaphunzira n'chakuti pokonza sitiyambira pa mfundozo. Timayamba tafunafuna mawu amene atsegula mndandanda, amene mfundo zonse zikutsamira. Pano mawuwo ndi "chifukwa cha". Tikawapeza timawawerenga pamodzi ndi mfundo iliyonse payokhapayokha, ngati kuti zinazo palibe. "Chifukwa cha kuotcha makala" zikumveka. "Chifukwa cha anthu akuchulukana" sizikumveka. "Chifukwa cha umphawi" zili bwino. "Chifukwa cha kuti boma silikhwimitsa malamulo" zikukokeka, ndipo kapangidwe kake n'kosiyana ndi zinzake. Pamenepa taona kale kuti mfundo yachiwiri ndi yachinayi ndi zimene zasokoneza.

Gwero la vutoli n'losavuta kulifotokoza. Mawu akuti "chifukwa cha" amafuna dzina patsogolo pake. "Umphawi" ndi dzina. "Kuotcha" nalonso ndi dzina, la gulu lija la ku- wophatikizidwa ku tsinde la mneni, n'chifukwa chake timatha kunena kuti "kuotcha kwake n'koipa". Koma "anthu akuchulukana" muli mwininkhani ndi mneni wake, ndiye kuti ndi chiganizo choima pachokha, ndipo "cha" sangachinyamule. Wophunzira amayamba bwino, koma akafika pa mfundo yachiwiri amakhala waiwala mawu amene anayamba nawo, n'kumalemba monga momwe ganizo lafikira m'mutu.

Njira yoyamba yokonzera ndiyo kusandutsa zonse kukhala mayina:

"Mitengo ikutha chifukwa cha kuotcha makala, kuchulukana kwa anthu, umphawi komanso kusakhwimitsa malamulo."

Chiganizochi chikuyenda tsopano. Onani kuti mneni wokana uja "silikhwimitsa" wasanduka "kusakhwimitsa". Ophunzira ambiri amakodwa pamenepa, chifukwa saganiza msanga kuti dzina la ku- limathanso kukana poika -sa- pakati. Akalephera kulipeza amathawira ku "komanso kuti", ndipo mndandanda umathyokera pomwepo.

Komabe kukonza kumeneku kwataya kanthu. Mwanayo anatchula boma, ndipo analitchula dala. M'chiganizo chokonzedwachi sitikudziwanso amene sakukhwimitsa malamulowo. Kwa ine iyi si nkhani yaing'ono. Mphunzitsi akasalaza chiganizo n'kuchotsamo chimene mwana amafuna kunena, ndiye kuti walemba chiganizo chake iye mwini, osati cha mwanayo. Choncho pali njira yachiwiri, yosintha mawu otsegulawo kuti agwirizane ndi mfundo. "Chifukwa choti" amalandira ziganizo zokhala ndi mneni:

"Mitengo ikutha chifukwa choti anthu akuotcha makala, akuchulukana komanso akusauka, ndipo boma silikukhwimitsa malamulo."

Aneni atatu oyamba ali ndi mwininkhani mmodzi, anthu, ndipo onse ali m'nthawi imodzi. Boma lapatsidwa gawo lakelake kuseri kwa "ndipo", ndipo mneni wake ndamuikanso m'nthawi yomweyo, "silikukhwimitsa", kuti asasiyane ndi anzake. Mwa njira ziwirizi, yosankha imatengera chimene wolemba akufuna kutsindika. Ngati akungotchula zifukwa zimene adzazifotokoze m'ndime zotsatira, mayina ndi abwino chifukwa ndi achidule. Ngati akufuna kuloza wochita, asunge aneni.

Ndikamayang'anitsitsa chiganizo chomwechi ndimaonanso kuti umphawi suli pa mlingo umodzi ndi kuotcha makala. Anthu ambiri amaotcha makala chifukwa cha umphawi womwewo, ndiye kuti chimodzi chikubala chinzake. Wophunzira wolimba ndingamufunse ngati sangalembe kuti "umphawi umene umakankhira anthu kukuotcha makala". Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mndandanda wopotoka nthawi zina umaulula kuti mfundo sizinasanjidwe bwino m'maganizo. Koma funso limeneli ndimalisungira amene adutsa kale gawo loyamba.

Muyeso womwewu umagwira timawu ting'onoting'ono. Wina akalemba kuti "Mbatata imalimidwa ku Dedza, Ntcheu ndi ku Mchinji", malo apakatiwo asiyidwa opanda "ku" pamene anzake ali naye. Aikidwe pa onse atatu. Chovutirapo ndi pamene aneni awiri akugawana dzina limodzi koma sakulifikira mofanana, monga "Ophunzira ayenera kulemekeza ndi kugwirizana ndi aphunzitsi." Timagwirizana ndi munthu, koma sitilemekeza ndi munthu. Kukonza kwake ndi kupatsa mneni woyamba dzinalo, wachiwiri n'kulitsatira: "kulemekeza aphunzitsi ndi kugwirizana nawo".

Pali malire amene ndikufuna anzanga ochonga awasamale, chifukwa lamulo limeneli ambiri tinalimva koyamba m'kalasi la Chingerezi, ndipo n'kosavuta kulikokera kumene silifika. Taonani chiganizo ichi: "Mayi anapita kumsika, n'kugula nsomba, n'kubwerera kunyumba." Mneni woyamba ali ndi nthawi yake, otsatirawo ayamba ndi ku-. Munthu wongoyang'ana maonekedwe anganene kuti sizikufanana, n'kulemba mzere wofiira. Koma chimenechi ndi Chichewa changwiro. Umu ndi momwe timalondolozera zochitika zotsatana: mneni woyamba amatchula wochita ndi nthawi, enawo amatengera pa iyeyo. Cholakwika chenicheni ndi "anapita kumsika ndi anagula nsomba", chifukwa mlumikizi "ndi" amalumikiza mayina, kuphatikizapo mayina a ku- aja, koma salumikiza aneni awiri okhala ndi nthawi zawo. Pamenepo pamafunika "ndipo". Kotero chimene tikuyesa si kufanana kwa malembo oyambirira a mawu ayi. Tikuyesa ngati mfundo iliyonse ikulumikizika ku mawu amene ikutsamira.

Pa kuyerekeza zinthu vuto limabisala kwambiri, chifukwa khutu limalola zambiri zimene polankhula timamvana nazo. Wophunzira analemba motere:

"Chiwerengero cha anthu a mumzinda wa Lilongwe ndi chachikulu kuposa Blantyre."

Mfundo yake ndi yoona. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mumzinda wa Blantyre. Koma chiganizocho chaika chiwerengero mbali imodzi ya sikelo, mbali inayo n'kuikako mzinda wathunthu. "Kuposa" amafuna kuti chakumanzere ndi chakumanja zikhale za mtundu umodzi. Ubwino wake ndi wakuti Chichewa chimakonza zimenezi ndi kamawu kamodzi: "kuposa cha mumzinda wa Blantyre". Kamawu "cha" kakuimira "chiwerengero", ndipo sitifunika kubwereza dzina lonse. Kamasintha motsata gulu la dzina loyambalo. Timati mtengo wa feteleza chaka chino kuposa wa chaka chatha, nsomba za m'nyanja ya Malawi kuposa za ku Chilwa, phiri la Mulanje kuposa la Zomba. Choncho ndimauza wophunzira kuti atseke chiganizo chonse ndi dzanja, asiye dzina loyamba lokha ndi mawu otsatira "kuposa", kenaka andiuze ngati ziwirizo zingayerekezedwe.

Mayina a gulu lotenga "a" amafuna kusamala mwapadera. "Malipiro a mphunzitsi ndi ochepa kuposa namwino" n'cholakwika mofanana ndi chija cha mizinda. Tikakonza kuti "kuposa a namwino" zimakhala zolondola pa pepala, koma powerenga mokweza zimamveka ngati tikungotchula anamwino mwaulemu kapena mochulukitsa, ndipo vuto lija limabwerera. Pamalo otere ndimakonda kubwereza dzina: "kuposa malipiro a namwino". Kubwereza dzina limodzi sikulemetsa chiganizo.

Chiganizo chimene chinautsa mtsutso weniweni m'kalasi chinali chachifupi: "Ndimakonda agogo kuposa mchimwene wanga." Ena anamva kuti wolembayo amakonda agogo kwambiri, mchimwene wake pang'ono. Ena anamva kuti ana awiriwa onse amakonda agogo, koma wolembayo ndiye amawakonda kwambiri. Magulu onse awiri anali ndi chifukwa, pakuti kumanzere kwa "kuposa" kuli anthu awiri, wokonda ndi wokondedwa, pamene kumanja kuli munthu mmodzi amene sitikudziwa kuti akufanizidwa ndi uti. Apa kamawu kamodzi sikakwanira. Mbali yachiwiri iyenera kumangidwa yonse, ndi mneni wake. Tanthauzo loyamba ndi "kuposa momwe ndimakondera mchimwene wanga", lachiwiri ndi "kuposa momwe mchimwene wanga amawakondera". Onani kuti pambuyo pa "momwe" mneni amatenga -er- kapena -ir-: kukonda kumakhala kukondera, kulima kumakhala kulimira. Ophunzira amene amasiya kachidutswa kameneka amalemba "momwe amawakonda", ndipo ngakhale tanthauzo lamveka, chiganizo chimakhala chosatha bwino.

Kachongedwe kanga kasintha chifukwa cha zonsezi. Kulemba m'mphepete kuti "chiganizo sichikumveka" sikumuthandiza mwana, chifukwa kwa iye chikumveka. Panopa ndimazunguliza mawu otsegula, kaya ndi "chifukwa cha", "monga", "ayenera" kapena "kuposa", ndipo pamwamba pa mfundo iliyonse ndimaika nambala, 1, 2, 3. Chiganizocho sindichikonza. Wophunzira amabwera n'kuwerenga mokweza mawu ozungulizidwawo ndi nambala iliyonse payokha, ndipo nthawi zambiri amaima yekha pa nambala yolakwikayo ndisanalankhule. Chotsala chimakhala kumufunsa ngati akufuna kusintha mfundoyo kapena mawu otsegula, ndipo yankho limachokera kwa iye, chifukwa ndi iye amene akudziwa ngati boma liyenera kutchulidwa m'chiganizo chake.