Kumwetsa mwana mankhwala a njoka zam'mimba ndi kusamala pabwalo posewera

Mankhwala a njoka zam'mimba amapha njoka zimene zili m'thupi tsiku limene mwana wamwa. Samuteteza kwa mazira amene adzameze mawa lake. Ndiyamba ndi zimenezi chifukwa pa puloti pathu ku Ndirande, pamene mabanja angapo timagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi ndi bwalo limodzi, ambiri amaona ngati mwana akamwa ndiye kuti nkhani yatha.

Wanga wamng'ono anali ndi chaka ndi miyezi 8 pamene ndinapita naye kusikelo, mchimwene wake ali ndi zaka 4. Ndinanyamula mabuku awo a kuchipatala, popeza m'menemo ndi momwe mumalembedwa tsiku limene mwana analandira komaliza vitamini A ndi mankhwala a njoka. Atawayeza sikelo, alangizi azaumoyo anafunsa zaka zawo, anafunsanso ngati alipo amene akudwala. Mwana amene watentha thupi kapena akusanza amayamba walandira chithandizo cha matendawo, za njoka zimadikira.

Mankhwala ake anali alibendazo, piritsi la mamiligalamu 400. Wa zaka 4 anapatsidwa lathunthu n'kulitafuna pomwepo. Wamng'onoyo anamudulira theka, mamiligalamu 200, umene ndi muyezo wa mwana wa miyezi 12 mpaka 23. Kuyambira zaka 2 amamwa lathunthu, ndipo amene sanakwanitse chaka sapatsidwa pa ndondomeko imeneyi. Nthawi zina amapereka mebendazo wa mamiligalamu 500, yemwenso amamwedwa kamodzi.

Thekalo sanangomuponyera m'kamwa. Analiphwanya pakati pa masupuni awiri mpaka kukhala ufa, anathira timadzi pang'ono, n'kundipatsa kuti ndimumwetse atakhala tsonga pamiyendo panga. Atayamba kulira ndi kupotoza mutu, alangiziwo anati, "Dikirani kaye mayi, atonthole. Musamutsine mphuno, angatsamwe." Ana osakwana zaka 3 amatsamwa msanga ndi piritsi, makamaka akamakakamizidwa akulira. Tinadikira, anayamwa, kenaka anameza bwinobwino. Sipafunika kumugoneka ndi njala kapena kumupatsa mankhwala otsegula m'mimba monga amanenera ena.

Madzulo ake wamkuluyo anadandaula kuti m'mimba mukupota pang'ono, koma m'mawa anadzuka ali bwino. Patapita masiku ochepa ndinaona m'chimbudzi chake njoka imodzi yotuwa, yaitali ngati pensulo. Kwa wamng'onoyo sindinaone kanthu, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mankhwala sanagwire, chifukwa njoka zina ndi zazing'ono, zina zimatuluka zitasungunuka kale. Chimene alangizi aja anandichenjeza n'chakuti mwana akatupa mimba, akamasanza kosalekeza kapena kulephera kuchita chimbudzi, ndithamange naye kuchipatala, popeza njoka zikachuluka zimatha kupotana n'kutseka matumbo.

Ntchito yaikulu inali kunyumba. Njoka yaikazi ya mtundu umene ndinaonawu imaikira mazira pafupifupi 200,000 pa tsiku, ndipo amatuluka ndi chimbudzi. Akangotuluka kumene sangapatsire munthu, amayamba akhwimira m'dothi kwa masabata awiri mpaka anayi. Akakhwima amatha kukhala amoyo m'dothi lachinyontho ndi lamthunzi kwa zaka. Mwana akameza dzira, pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti njoka ikule n'kuyamba kuikira akeake. Ndiye ganizani mwana amene wadzithandiza kuseri kwa nyumba, mayi ake n'kungofotsera ndi dothi kapena kusesera m'ngalande. Pakutha mwezi malowo amaoneka oyera, koma ndi pomwepo pamene ana akuphikira masanje, pomwe mango akugwera, pomwe khanda likukwawa n'kumanyambita zala.

N'chifukwa chake ndimatsutsa mawu akuti chimbudzi cha mwana sichinyansa. Ana aang'ono ndi amene amakhala ndi njoka kawirikawiri, komanso ndi amene salowa m'chimbudzi chokumba poopa dzenje. Ndinagula kapoti kapulasitiki ku msika, ndipo wamng'onoyo amakhalapo akangodzuka ndi akatha kudya. Zam'kapotimo zimapita m'dzenje nthawi yomweyo, pamodzi ndi madzi otsukira. Madzi ochapira matewera nawonso amapita komweko, sathiridwa pabwalo kapena m'ngalande imene mvula ikagwa imasefukira m'makomo mwa anthu. Akachita pansi mwangozi ndimawola ndi khasu pamodzi ndi dothi la pansi pake.

Pandekha sizikanathandiza kwenikweni, chifukwa bwalo ndi la tonse. Ndinalankhula ndi aneba tikuchapa, osati mowadzudzula, ndinangowauza za njoka imene ndinaona ija. Achemwali a nyumba yoyandikana nafe anaseka n'kunena kuti, "Inunso, mwana aliyensetu amakula nazo zimenezo." Komabe tinagwirizana kusonkherana ndalama ya sopo ndi kumanga mpondagiya pafupi ndi chimbudzi: kachigubu kobowola, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Sopo timamumangirira pa chingwe kuti asasowe, ndipo akatha timagwiritsa ntchito phulusa. Madzi a pa kiyosiki ndi ogula, koma kachigubuko kamatulutsa pang'onopang'ono, sikawononga.

Pa chakudya tinasiya kusambira m'beseni limodzi. Mwa mwambo akulu amayamba, ana amatsiriza, kutanthauza kuti wamng'ono kwambiri ndiye amasamba m'madzi akuda kuposa onse asanateme nsima. Tsopano timathirirana ndi kapu, besenilo limangolandira madzi. Zikhadabo ndimawawenga Lamlungu lililonse, pakuti dothi limabisala m'menemo ngakhale mwana atasamba. Mango, magwafa ndi tomato zimatsukidwa zisanafike pakamwa, ndipo wamng'onoyo amasewerera pamkeka ngakhale sakhalitsapo.

Patapata ali ndi chifukwa chake chapadera. Pali mtundu wina wa njoka umene sudikira kumezedwa. Tiana take timaboola khungu la phazi mwana akaponda dothi lonyowa lodetsedwa, ndipo tikakula timamatirira kumatumbo n'kumayamwa magazi. Mwana wotere amafooka, zikhatho ndi mkati mwa zikope zimayera. Ameneyo piritsi lokha silikwanira, amafunika kuyezedwa magazi. M'nyengo ya dzinja sindilola ana kupita kuchimbudzi opanda chopondera, ngakhale kuti wamkuluyo patapata amamutaya pafupipafupi moti ndatopa n'kugula.

Patadutsa miyezi ingapo wamkulu yemweyo anayamba kudzikanda kumatako usiku, tulo osabwera. Nditamuunika ndi tochi ya foni ndinaona tinjoka toyera, tating'ono ngati tizidutswa ta ulusi. Timeneti sitidalira dothi: timaikira mazira pakhungu usiku, mwana akakanda amalowa m'zikhadabo, n'kufalikira pa zofunda ndi kwa anzake ogona nawo. Kuchipatala anatiuza kuti timwe tonse a m'nyumba ndi kubwerezanso pakatha masabata awiri, kuti tiphe timene taswa pambuyo pa kumwa koyamba. Masiku amenewo ndinkamusambitsa m'mawa akangodzuka, kumusintha kabudula wamkati tsiku ndi tsiku, ndi kuchapa zofunda popanda kuzikutumula m'chipinda.

Ngakhale titasamala chotere, sindilumphitsa kumwa kwa pa miyezi 6 iliyonse, chifukwa ana amasewera m'makomo ambiri amene ine sindisesa. Tsiku lotsatira ndimapempha alangizi alilembe m'buku. Akabwera m'dera pa kampeni ya umoyo wa ana kapena akapereka kusukulu ya mkaka, ndimawaonetsa bukulo kuti aone ngati nthawi yakwana. Chimodzi chokha chosiyana ndi zimenezi: mwana akamakodza magazi, makamaka amene amasewera m'mitsinje ndi m'madambo, amenewo angakhale likodzo, ndipo alibendazo salichiza. Likodzo lili ndi mankhwala akeake, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa mwana.