Salimo 23:1: mawu akuti "sindidzasowa" andipatsa ntchito

Loweruka lapitali ndinayesa vesi loyamba la Salimo 23 lomwe ndakhala ndikulimasulira pang'onopang'ono ndikaweruka kuntchito. M'Chiheberi vesili lili ndi mawu anayi okha, tikapatula kamutu kotchula Davide. Ine ndinalemba monga tinaloweza tili ana: "Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa."

Kayesedwe kake ndi kotere. Umapereka Chichewa chako kwa munthu amene sanaone gwero, iye n'kuchibweza m'Chingerezi monga wamvera, osakometsa. Kenako umayerekeza zimene wabwezazo ndi tanthauzo la Chiheberi. Poyamba ndinapatsa mayi wina wa kumpingo kwathu ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, koma sizinathandize. Atangoona "mbusa" anayamba kulakatula salimo lonse la m'Baibulo la Chingerezi. Anabweza zimene analoweza, za papepala langa sanaziwerenge n'komwe.

Ndiye ndinakwera takisi kupita ku Mayfair kwa mnzanga telala wochokera ku Mangochi. Iye ndi Msilamu, Chichewa amachidziwa bwino, ndipo salimoli sanalilowezepo. Ndinamupatsa chiganizocho popanda dzina la buku kapena nambala ya vesi. Zimene analemba zikutanthauza kuti: Mulungu amandiweta, choncho sindidzatayika. Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Achimwene, mbuzi ikakhala ndi mbusa sisowa. Madzulo imapezeka m'khola."

Sanalakwitse ayi. "Kusowa" kwathu kuli pawiri: munthu amasowa ndalama, komanso mwana amasowa anthu n'kumamufunafuna. Mneni akaima yekha, pafupi pali mbusa, khutu limathamangira ku nkhosa yotayika. Koma mneni wa Chiheberi, haseri, amanena za kuperewera. Ndi yemweyo ali pa Deuteronomo 2:7, pomwe Mose akukumbutsa Aisraeli kuti zaka 40 m'chipululu sanasowe kanthu. Vesi lachiwiri la salimoli likuchitiranso umboni, poti likukamba za msipu ndi madzi.

Ndakonza kuti likhale "sindidzasowa kanthu." Mawu akuti "kanthu" mulibe m'Chiheberi cha vesili, ndipo ndinazengereza kuwaika chifukwa sindikonda kuwonjezera pa Malemba. Koma ndaona kuti kuwasiya n'kumene kumapotoza uthenga. Nditawerengera mlamu wake wa telalayo chiganizo chatsopanochi, anabweza kuti zonse zofunika adzakhala nazo.

Chimene chatsala ndi ka "-dza-" aka. Telala ndi mlamu wakeyo onse anamva za m'tsogolo mokha, pomwe mneni wa Chiheberiyo angathenso kunena zochitika masiku onse. Loweruka likubwerali ndikayesa "sindisowa kanthu" kwa munthu wachitatu, ndimve ngati sakalimva ngati kudzitama kwa munthu wolemera.